Kumeta mwana kunyumba ndi mashini sukulu zisanatsegulidwe

Mayi wa ku Kapata:
Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndili ndi pempho kwa amene amadziwa ntchito yometa. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 7 akulowa giredi 2 sukulu zikatsegulidwa Lolemba likudzali, ndipo tsitsi lake silinametedwe chiyambire tchuthi cha Disembala, moti lakula ndi kupotana kwambiri, makamaka kunkhongo kumene amagonera. Mlongo wanga anandisiyira mashini yometera ya chingwe, pamodzi ndi tizipeso tapulasitiki tolembedwa 1, 2, 3 ndi 4, kaburashi, ndi kabotolo ka mafuta kamene kanatha kale. Kusukulu amafuna tsitsi lalifupi lofanana mutu wonse, lopanda masitayilo. Sabata yotsegulira sukulu kubabashopu kumadzaza ana, ndiye ndikufuna ndimumete ndekha. Ndiyambire pati, ndipo ndigwiritse ntchito kachipeso kati?

Bambo wa ku Mchini:
Amayi, imeneyo si ntchito yovuta. Mumusambitse m'mutu, ndipo tsitsi likadali lonyowa ndi lofewa muveke nambala 1 n'kuyamba kumeta kuchokera pamphumi kupita kunkhongo mpaka mutu wonse utatha. Ngati mafuta anatha, dontho la saladi limakwanira. Anyamata anga ndimawameta choncho.

Wometa wa ku Katete:
Abambo anena zoona pa nkhani yosambitsa, chifukwa tsitsi la mwana amene wakhala akusewera panja tchuthi chonse limakhala ndi mchenga ndi mafuta odzola, ndipo mchengawo ndi umene umabunthitsa mano a mashini. Koma pa kumeta tsitsi lonyowa ndikupempha tisiyane maganizo. Tsitsi lonyowa limamatirira pakati pa mano, mashini imayamba kulizula m'malo molidula, manowo amachita dzimbiri, ndiponso madzi ndi mashini ya magetsi siziyenera kuyandikana. Mumusambitse ndi sopo m'mawa, mumupese tsitsi likadali lachinyezi chifukwa ndi pamene limamasuka osamupweteka, kenaka mumusiye padzuwa mpaka liume ndithu, ndipo musamudzoze chilichonse.

Kupesako musakuchite mwachidule, amayi, pakuti ndi kumene kumapangitsa kuti zotsatira zonse ziyende bwino. Tsitsi lathu limapotana n'kugona pakhungu, ndipo tizipeso mwatchulato, timene ife ometa timati magadi, sitingalowe pansi pa tsitsi lomangana. Gadi ikafika pa mfundo imakodwa, mwana amagwedeza mutu chifukwa cha ululu, ndipo nthawi zina gadiyo imavuka, mano a mashini n'kugwera pakhungu. Tengani chipeso cha mano otalikirana, yambirani kunsonga kwa tsitsi n'kumatsika pang'onopang'ono, mpaka chipeso chizidutsa paliponse popanda kukodwa. Mfundo yokanika kunkhongo muidule ndi sizasi, musalimbane nayo.

Za saladi nazonso ayi. Mafuta ophikira akatenthedwa ndi mano amachita litsiro lomata, ndipo pakapita masabata mashini imalemera n'kuyamba kukoka tsitsi. Ngati mafuta ake enieni simuwapeza, pemphani a mashini yosokera kwa telala aliyense pamsika wa Kapata pomwepo, chifukwa ndi opyapyala mofanana.

Mayi wa ku Kapata:
Zikomo, achimwene. Nanga manambala aja amatanthauza chiyani, ndipo abambo aja ati nambala 1, kodi ndi imeneyo?

Wometa wa ku Katete:
Nambala imasonyeza kutalika kwa tsitsi limene litsale pamutu. Nambala 1 imasiya mamilimita 3, nambala 2 imasiya 6, nambala 3 imasiya pafupifupi 10, ndipo nambala 4 imasiya pafupifupi 13. Kumeta kwa kusukulu kumene mukufunako nthawi zambiri kumathera pa nambala 1, koma tsitsi limene lakula mwezi wathunthu ndi kupitirira sitiliyamba ndi nambala 1, chifukwa mashini yapanyumba ilibe mphamvu yodula tsitsi lochuluka chotero nthawi imodzi. Ndifotokoze mmene ndingamumetere mwana wanuyo atakhala pampando wanga.

Ndisanamuitane n'komwe, ndimayang'ana mashini. Ndimachotsa tsitsi lakale ndi kaburashi, ndimapukuta mano ndi thonje lonyowetsa sipiriti mashini ili yozima ndi yosapulagidwa, ndimadikira kuti sipiritiyo iume, kenaka ndimayatsa n'kudontheza mafuta madontho atatu pamano, lina pakati ndi ena m'mbali. Ikalira kwa kanthawi ndimazimitsa ndi kupukuta mafuta otsala, chifukwa akachuluka tsitsi limamatirira. Pambali pa mashini pali kachitsulo kosuntha ndi chala chachikulu. Mukakakankhira m'mwamba, mano apamwamba ndi apansi amayandikana ndipo mashini imameta mwakuya. Mukakatsitsa amatalikirana ndipo imasiya tsitsi lotalikirapo pang'ono. Inu mukatsitse, ndipo mukasiye pomwepo mpaka mumalize, kuti mbali zonse za mutu zifanane.

Mwana akhale pampando wautali pakhonde kapena pabwalo pamene pali kuwala kwa dzuwa, kuti inu musamawerame ndipo muziona pamene mwadutsa. Mumukulunge chitenje m'khosi mothina bwino, chifukwa titsitsi tikalowa m'malaya amayamba kudzikanda ndipo sangakhalenso chete. Ngati sanametedwepo ndi inu, muyatse mashini ili ndi gadi n'kumugwiritsa padzanja kuti amve kunjenjemera kwake isanafike kukhutu.

Ulendo woyamba ndi wongochepetsa tsitsi. Vekani nambala 3, ikankheni mpaka imveke kuti yagwira, ndipo muikoke pang'ono ndi chala kuti mutsimikize. Yambirani kunkhongo, kumunsi kwenikweni, mwana ataweramitsa mutu, dzanja lanu lina lili pamwamba pa mutu wake. Gadi igone yonse pakhungu, osati kuimika mano ngati mukubaya, ndipo muzikwera m'mwamba pang'onopang'ono. Mukamva kulira kwa mashini kukusintha ngati ikulemedwa, mwafulumira. Bwererani pambuyo, tsitsi ligwe, ndipo mupitirize mofatsa. Mzere uliwonse watsopano uzilowa theka m'mzere umene mwadutsa kale, apo ayi mutu umatsala ndi timizere ngati munda wolimidwa kumene. Mukatha kunkhongo pitani mbali imodzi, kenaka inayo, ndipo pamwamba pakhale pomalizira, kuchokera pamphumi kubwerera kumbuyo.

Mukatero mupesenso mutu wonse, vekani nambala 2 ndi kubwereza njira yomweyo. Apa imani ndi kuyang'ana. Ana ena pa nambala 2 amaoneka kale bwino ndipo aphunzitsi sangadandaule. Ngati mukufuna lifupikirepo, ndi pamene mumaveka nambala 1. Kutsika nambala n'kotheka nthawi iliyonse, koma tsitsi limene lagwa kale pansi silingabwezedwe.

Bambo wa ku Mchini:
Zonsezo zikumveka, koma kudutsa mutu umodzi katatu pamene magetsi amatha kuzima nthawi iliyonse n'kudziika pamavuto. Mwana wa mnansi wanga anagona ndi mutu wometedwa mbali imodzi. N'chifukwa chake ine ndimapita pa nambala 1 mwachindunji.

Wometa wa ku Katete:
Nkhawa ya magetsiyo ndi yoona, abambo, koma ikugwirizana ndi njira yanga. Magetsi akazima mutamaliza nambala 3, mwana ali ndi mutu wofanana ndipo angathe kutuluka panja. Akazima muli pakati pa nambala 2, kusiyana kwake ndi mamilimita ochepa amene munthu wodutsa pamsewu sangaone. Koma akazima muli pakati pa nambala 1 patsitsi lalitali, kusiyanako kumaonekera patali. Chofunika n'kuyamba magetsi atangoyaka kumene, ndiponso kusadikira Lamlungu madzulo. Mumete Lachinayi kapena Lachisanu, kuti ngati china chalakwika mukhale ndi masiku okonzera. Amene ali ndi mashini yotchaja aitchaje idzaze, popeza batire ikayamba kutha mano amayenda mochedwa n'kumazula tsitsi.

Agogo a ku Mwami:
Ana anga, ine ndikuona kuti mwana wakhanda sayenera kuyandikizidwa mashini ya magetsi, chifukwa paliwombo pamakhala pofewa. Tsitsi la chikuta timameta ndi lezala yatsopano, titanyowetsa ndi sopo, ndipo ometa akhale munthu wamkulu wa dzanja lofatsa.

Mayi wa ku Kapata:
Pepani agogo, mwanayu si wakhanda, ali ndi zaka 7 ndipo ali pasukulu.

Agogo a ku Mwami:
Ndamva tsopano, mwana wanga. Ngati ndi wamkulu chotero, ife tinkagoneka lezala pachipeso n'kumapesa, tsitsi likugwa lofanana, ndipo magetsi sitinkawadikira. Kapena mungomumeta mpala kuti atenge nthawi asanafunenso kumeta.

Mphunzitsi wa ku Chadiza:
Agogo, mpala sindingaulimbikitse, ngakhale kuti malamulo a tsitsi amasiyana sukulu ndi sukulu ndipo makolo ayenera kufunsa kumene mwana wawo amaphunzira. Ana ometedwa mpala ndi lezala ndimawaona sabata yoyamba ali ndi timabala m'mutu, ena ali ndi tiziphuphu kunkhongo, ndipo anzawo amawaseka ndi kuwamenya m'mutu pobwera kokasewera. Chimene timabweza kawirikawiri ndi tsitsi losiyidwa lalitali pamwamba m'mbali mutametedwa, ndi mizere yojambula. Tsitsi la nambala 1 kapena 2 lofanana mutu wonse sindinaonepo likubwezedwa pathu. Funso langa kwa achimwene a ku Katete ndi lakuti, n'chifukwa chiyani ana ometedwa kunyumba amakhala ndi malo akuda ndi oyera ngakhale makolo agwiritsa ntchito gadi imodzi?

Wometa wa ku Katete:
Aphunzitsi, chimachititsa zimenezo ndi mbali imene tsitsi limagonera. Pamwamba pa mutu tsitsi limamera lolozera kumphumi, m'mbali ndi kunkhongo limalozera pansi, ndipo chakumbuyo kwa pamwamba pali malo amene limazungulira. Mashini ikamayenda motsutsana ndi mmene tsitsi lagonera, gadi imalidzutsa ndipo limadulidwa lalifupi. Ikamayenda motsatira mmene lagonera, imalipondereza ndipo limatsala lalitaliko, looneka lakuda. Choncho gadi imodzi yomweyo imatulutsa kutalika kuwiri. Abambo a ku Mchini anati muyambire pamphumi mpaka kunkhongo. Pamwamba njira imeneyo ikutsutsana ndi tsitsi, koma mukangodutsa pakati n'kuyamba kutsikira kunkhongo mwayamba kulitsatira, ndiye pamwamba pamayera kunkhongo kukuda.

Musankhe chimodzi ndipo muchisunge mutu wonse. Kwa munthu amene akuyamba kumene, kutsutsana ndi tsitsi ndi kumene kumafananitsa msanga, ndiye kuti kunkhongo ndi m'mbali muzikwera m'mwamba, pamwamba muzichokera kumphumi. Kwa mwana wa amayi a ku Kapata ndingachite nambala 2 motsutsana ndi tsitsi, kenaka nambala 1 motsatira tsitsi, chifukwa zimenezo zimasalaza popanda kuonetsa khungu. Pamalo ozungulira paja dutsanipo kuchokera mbali zonse zinayi, mukupesa pakati pa ulendo uliwonse, ndipo musakanikize, pakuti tsitsi la pamenepo limaoneka lochepa kale ndipo mukalimbikira pamaoneka ngati dazi. Njira yodziwira ngati mwafananitsa n'kuyendetsa chikhatho pamutu wonse. Dzanja limapeza malo otsala amene diso silinawaone.

Chinanso ndi maonekedwe a mutu. Ana ambiri ali ndi kadzenje kunkhongo pakati pa mitsempha iwiri ya khosi, ndipo gadi imadumpha pamenepo. Mwana aweramitse mutu mpaka chibwano chikhudze pachifuwa kuti khungu likokeke, ndipo mudutsepo mopingasa.

Mayi wa ku Kapata:
Chimene ndikuopa kwambiri ndi makutu. Ndiponso kumphumi, kodi ndidule mzere wowongoka ngati mmene amachitira kubabashopu?

Wometa wa ku Katete:
Pakhutu, lipindeni ndi zala za dzanja linalo kuti ligone pansi, ndipo mudutse ndi ngodya ya gadi mozungulira. Samalani kwambiri pamene khutu limalumikizana ndi mutu, chifukwa pali kakhungu kopyapyala kamene kamatha kulowa pakati pa mano a gadi. Titsitsi totsala m'mphepete mwa khutu ndi m'khosi timachotsedwa gadi itavulidwa, ndipo musanatero muchite zinthu ziwiri. Choyamba, gunditsani mano kumkono kwanu, chifukwa mashini ikalira nthawi yaitali chitsulo chimatentha mokwanira kuotcha khungu la mwana. Ngati chatentha, zimitsani mudikire. Chachiwiri, mashini ili yozima, kwezani kachitsulo ka pambali kaja ndi kuyang'ana nsonga za mano. Mano apamwamba, amene amayenda, ayenera kutsalira pang'ono kumbuyo kwa mano apansi, pafupifupi milimita imodzi, ndipo akhale molingana kuyambira mbali ina mpaka inzake. Ngati atulukira kutsogolo kapena apendekeka, zimene zimachitika mashini ikagwa pansi, adzacheka khungu. Zimakonzeka pomasula pang'ono masikuluu awiri a kumunsi, kusuntha chitsulo chapansi mpaka chilingane, ndi kumanganso. Ngati dzino lina ndi lothyoka, musaigwiritse ntchito popanda gadi mpang'ono pomwe.

Za mzere wa kumphumi, uphungu wanga ndi wakuti muusiye. Mbali imodzi ikapendekeka mumafuna kuilinganiza ndi inzake, inzakeyo imapitirira, ndipo mukamadzazindikira mphumi ya mwana yakwera m'mwamba. Kusukulu safuna mzere umenewo.

Bambo wa ku Mchini:
Apa pokha sindikuvomereza. Mwana wopanda mzere amaoneka ngati sanamalizidwe kumeta, ndipo anyamata anga sangalole kutuluka choncho. Ndimangogunda pang'ono titsitsi totulukira kunja kwa malire achibadwa, osalowa mkati.

Wometa wa ku Katete:
Ngati dzanja lanu linazolowera ndipo simulowa mkati mwa malire, palibe cholakwika. Ine ndikunena za munthu amene akugwira mashini koyamba pamutu wa mwana wosakhazikika.

Mayi wa ku Petauke:
Ndilowetseko nkhani yanga, chifukwa inenso ndikumeta ana mawa. Wamng'ono ali ndi malo awiri ozungulira pamutu pamene tsitsi lathothoka, pali mamba otuwa, ndipo amakanda usiku. Ndimaganiza zomumeta mpala kuti ndizimudzoza mankhwala opaka bwino, kenaka ndimete akulu akewo. Kodi sipiriti ija ikwanira kutsuka mashini?

Namwino wa ku Kalongwezi:
Amayi, zimene mwafotokozazo zikufanana ndi chipere cha m'mutu, koma mupite naye kukiliniki akamuone, popeza pali matenda ena a pakhungu ooneka chimodzimodzi. Ngati ndi chipere, mankhwala opaka okha sachiza, chifukwa kachilomboko kamakhala mkati mwa tsitsi mpaka kumizu kumene mafuta safika. Pamafunika mankhwala akumwa, ndipo amamwedwa kwa masabata 6 kapena kupitirira, osasiya ngakhale tsitsi litayamba kumera. Kumeta mpala sikufunika, ndipo lezala ikadutsa pamalo odwalawo imawonjezera mabala. Chipere chimayenda kudzera m'zipeso, magadi, mano a mashini, zipewa ndi mapilo, ndipo kupukuta ndi sipiriti kokha sindingakudalire kuti kwapha zonse. Mumete ana athanziwo poyamba, wodwalayo akhale womaliza ndipo akhale ndi chipeso ndi chitenje chakechake. Magadi apulasitiki muwatsuke ndi sopo ndi kuwaviika m'madzi othira jiki pang'ono, kenaka muwatsukuluze ndi kuwaumitsa. Ngati pamutupo patupa, pali mafinya kapena pakupweteka, musayandikizepo mashini konse.

Wometa wa ku Katete:
Ndiwonjezere pa mawu a anamwino kuti jikiyo ikhale ya magadi ndi zipeso zokha, chifukwa mano achitsulo amachita nayo dzimbiri. Mano muwamasule pochotsa masikuluu aja, muchotse tsitsi lonse lobisala pansi pake, muwaviike mu sipiriti kwa mphindi zingapo, aume, muwabwezere molingana monga ndafotokozera, ndipo muthire mafuta. Pakakhala mwana wachipere ine ndingakonde kumuchepetsa tsitsi ndi sizasi, imene imatsukika mosavuta, mashini n'kuisungira enawo.

Mayi wa ku Kapata:
Wanga alibe chipere, ndamuyang'ana pomupesa. Koma ndifunse ziwiri zomaliza. Gadi ikavuka n'kuboola tsitsi ndichite chiyani? Ndipo ndikamaliza ndimupake sipiriti m'mutu monga amachitira ometa?

Wometa wa ku Katete:
Ikavuka, zimitsani kaye ndipo muone kukula kwa malowo. Ngati ndi kadontho kakang'ono kunkhongo kapena pambali, tsitsani mutu wonse ndi nambala imodzi kuti kusiyana kuchepe, ndipo mukasiye. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ena mocheperapo, choncho pakatha sabata kamakhala kakuda kale. Musayese kukafafaniza pometa mozungulira popanda gadi, chifukwa kamangokulirakulira. Ngati ndi mzere wautali pamwamba, vulani gadi, tsitsani kachitsulo ka pambali, ndipo mumete mutu wonse motsatira tsitsi. Sizifika pa mpala, koma zimabisa.

Za sipiriti, ine ndimapaka pang'ono ndi thonje m'khosi ndi m'mbali mwa makutu, pamene mano adutsa opanda gadi, ndipo makasitomala anga sadandaula za tiziphuphu.

Namwino wa ku Kalongwezi:
Kubabashopu, kumene mashini imodzi imadutsa mitu yambiri patsiku, ndikumvetsa chifukwa chake mumatero. Koma kwa mwana wometedwa kunyumba ndi gadi, pamashini yotsukidwa, sindikuona phindu lake. Sipiriti imaumitsa khungu, imawawa kwambiri pamene pakandika, ndipo mwana akaimva kamodzi ulendo wotsatira adzathawa mpando. Kumusambitsa ndi sopo ndi madzi ofunda kumachotsa titsitsi toyabwa, kenaka mafuta odzola ochepa akwanira. Ngati pachekeka, tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, kanikizani ndi kansalu koyera mpaka magazi aleke, ndipo mano amene akhudza magaziwo asapite pamutu wina asanamasulidwe ndi kutsukidwa.

Wometa wa ku Katete:
Pa za magazi tikugwirizana kotheratu. Pa za sipiriti m'khosi ine ndipitiriza, chifukwa ndi pamene tiziphuphu timayambira, koma amayi a ku Kapata ngati savula gadi paliponse angathe kutsatira anamwino.

Bambo wa ku Mchini:
Achimwene, musanachoke, mashini yanga ikayaka imalira mokhokhomola ngati mano akumenyana mkati, makamaka madzulo. Kodi yatha ntchito?

Wometa wa ku Katete:
Sinathe, abambo. Ngati ndi ya chingwe, yang'anani pambali ina pali sikuluu yaikulu, nthawi zambiri yapulasitiki. Mashini ili yoyaka ndipo mwathira mafuta, ipotozeni kumanja pang'onopang'ono mpaka phokosolo limveke, kenaka muibweze kumanzere mpaka lileke, ndipo muwonjezere pang'ono. Mukaibweza kwambiri imakhala chete koma imafooka n'kuyamba kukoka tsitsi. Muiyese pamkono panu musanaitane anyamata, ndipo ngati ikukokabe mutachita zonsezi, vuto lili m'mano, amene amafunika kunola kapena kugula ena.